Kudziyalira nokha makadi a taroti: konzekani musanagwire paketi, ndipo muyale kamodzi kokha

Usiku wina ndinayala makadi a taroti, aja a zithunzi amene anthu amaombezera, kasanu ndi kawiri pa funso limodzi. Ndinkafuna kudziwa ngati munthu amene tinayambana naye adzabwerera. Ulendo woyamba panatuluka Makapu 8, khadi la munthu amene wafulatira makapu ake n'kumalowera kumapiri usiku, ndodo ili m'manja. Ndinati ayi, sindinasakanize bwino. Kachiwiri panabwera Nsanja, khadi la nsanja yoombedwa ndi mphezi anthu akugwa, ndipo ndinati maganizo anga anali kwina. Kachitatu ndinasintha mawu a funso pang'ono kuti lioneke ngati latsopano. Ndinapitiriza choncho mpaka khadi la Dzuwa linatuluka, la kamwana kali pa kavalo woyera, kenako ndinalongedza makadi n'kukagona mtima uli m'malo. Kutacha ndinkangokumbukira Dzuwa lija basi. Maulendo asanu ndi limodzi oyamba aja ndinali nditawafufuta kale m'mutu.

Mukamayalira munthu wina, zoterezi sizichitika kawirikawiri, chifukwa pamakhala mboni. Iye waona khadi limene lagwa, inunso mwaliona, ndiye palibe angalibweze m'mulu mwakachetechete. Komanso nkhani yake siikuwawani inuyo mumtima. Podziyalira nokha, wofunsa ndinu, womasulira ndinu, woweruza ngati kuyalako kwayenda bwino ndinunso. Makadi eniakewo sakana. Sakumbukira kuti mwafunsa kale, ndipo mutawafunsa maulendo 40 adzakuyankhani maulendo 40. Choncho malire muyenera kuwaika ndinu, ndipo muwaike musanaone khadi ngakhale limodzi, chifukwa mukangoliona, mtima umayamba kupeza zifukwa.

Chifukwa chake kubwereza kumapereka yankho lokoma nthawi zonse

Paketi ya taroti ili ndi makadi 78. Mwa amenewa, 22 ndi makadi akuluakulu, monga Imfa, Nsanja, Nyenyezi, Mwezi ndi Dzuwa, ndipo 56 otsalawo agawidwa m'magulu anayi: Ndodo, Makapu, Malupanga ndi Ndalama, gulu lililonse makadi 14. Tiyerekeze kuti pa funso lanu, theka la makadiwa ndi oti mukhoza kuwamasulira mokukomerani. Mukasolola khadi limodzi, mwayi wopeza lokoma ndi 50 pa 100. Mukalibweza, n'kusakaniza, n'kusololanso, mwayi woti limodzi mwa awiriwo likhale lokoma wafika 75 pa 100. Kachitatu wadutsa 87, ndipo kachisanu watsala pang'ono kufika 97. Ngakhale titati makadi okoma ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi, maulendo khumi akukupatsani mwayi woposa 94 pa 100.

Ndiye munthu amene wadziuza kuti asiya pokhapokha akaona zomusangalatsa, yankho analisankha kale asanayambe. Chimene sakudziwa ndi chakuti zimutengera mphindi zingati basi. Izi sizidalira zimene mumakhulupirira pa makadi. Ngati mumati makadi amalankhula, ndiye kuti mwawatseka pakamwa kasanu ndi kamodzi n'kumvera kachisanu ndi chiwiri. Ngati mumawaona ngati galasi lothandiza kuganiza, ndiye kuti mwalitembenuzatembenuza mpaka laonetsa mbali imene mumaikonda. Vutoli si la lero ayi. M'buku lakale la ku China loombezera la Yi Jing, chigawo chachinayi chimanena kuti wofunsa koyamba amayankhidwa, koma wofunsa kachiwiri ndi kachitatu akungovutitsa, ndipo wovutitsa sayankhidwa.

Choyamba, onani ngati lero ndi tsiku lake

Musanatenge paketi, khalani pansi mphindi ziwiri mudzifunse funso limodzi: ngati patuluka khadi limene ndikuliopa kwambiri, ndikhoza kulisiya patebulo n'kukagona? Ngati yankho ndi ayi, lero si tsiku loyala makadi.

Zizindikiro zake zimaoneka m'thupi. Mtima ukugunda mothamanga, mwangotsitsa foni mutakangana ndi wina, mukuyang'ana foni mphindi iliyonse kudikira uthenga, mwamwako mowa, kapena ndi pakati pa usiku ndipo tulo takana. Pa nthawi ngati imeneyi chimene mukufuna ndi chotonthoza, ndipo makadi ndi osadalirika pa ntchito yotonthoza, chifukwa m'paketi yomweyo muli Malupanga 10, munthu wagona chafufumimba malupanga khumi ali kumsana. Ine lamulo langa ndi lakuti nkhani ikangochitika kumene, ndimagona kaye usiku umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za malo, musavutike nazo kwambiri. Tebulo loyera, kuwala kokwanira kuti muone zithunzi bwinobwino, foni kutali, kope ndi cholembera pafupi. Ena amayatsa kandulo kapena kuyala nsalu yapadera. Ngati zimakuthandizani kukhazikika, chitani, koma kope lija ndi limene simungalisiye.

Lembani funso, limodzi lokha

Funso losalembedwa limaterera. Mumayamba mukufunsa china, khadi likagwa mumapezeka mukunena kuti kwenikweni mumafunsa chinanso. Lembani tsiku, nthawi, kenako funso lonse m'chiganizo chimodzi.

Mafunso amene amakokera munthu kubwereza ndi a mitundu iwiri. Woyamba ndi ofuna "inde" kapena "ayi". Funso ngati "Kodi andilemba ntchitoyi?" lili ndi yankho limodzi lokha limene mungalilandire, ndiye lina lililonse limaoneka ngati cholakwika choyenera kukonzedwa. Mtundu wachiwiri ndi ofufuza za mumtima mwa munthu wina: "Kodi akundiganizira?" Pa funso lotere mulibe njira yotsimikizira yankho, mulibenso chochita nalo mukalipeza, ndiye mawa ludzu lake limabweranso chimodzimodzi.

Funso labwino limakhala ndi inuyo m'kati, limakhala ndi nthawi yake, ndipo khadi lililonse mwa 78 aja likhoza kuliyankha popanda kukugwetsani mphwayi. Yesani motere: mukalemba funso, ganizirani Nsanja itagwa pamenepo. Pa funso lakuti "Kodi ukwati wathu ulimba?" Nsanja ndi chigamulo. Pa funso lakuti "Ndi chiyani chimene ndikupewa kukambirana ndi mwamuna wanga mwezi uno?" Nsanja yomweyo ikukufunsani kuti ndi nkhani iti imene mukuopa kuti ikatchulidwa igwetsa nyumba. Pamenepo muli ndi poyambira.

Ikani malamulo papepala makadi akadali m'bokosi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri amadumpha. Pansi pa funso lembani zinthu izi.

Makadi angati, ndipo malo alionse akuimira chiyani. Podziyalira nokha, atatu ndi okwana. Kayalidwe kotchuka ka makadi khumi, kamene kali ndi mtanda pakati ndi mzere wa makadi anayi pambali, n'kabwino, koma pa nkhani yokukhudzani kamakupatsani pothawira pambiri: mwa makadi khumi simungalephere kupezamo limodzi lokoma loti mulikakamire n'kuiwala enawo. Dzina la malo alionse lilembedwe. Mukapanda kutero, khadi loipa likagwa pa malo achitatu mudzati malowo ndi "zakale", pamene mumtima munali mutawatcha "zimene zikubwera".

Ngati muwerenga makadi ozondoka kapena ayi. Njira zonse ziwiri zili bwino. Chosaloledwa ndi kusankha khadi litagwa kale, kumati Malupanga 3 akazondoka ndiye kuti ululu ukutha, koma Dzuwa likazondoka n'kungolitembenuza mwakachetechete.

Chochita ndi khadi limene ladumpha posakaniza. Ena amaliwerenga, ena amalibweza m'mulu. Sankhani chimodzi. Ine ndimabweza, chifukwa ndinadzigwira ndikulemekeza odumpha okoma okha, oipa ndikumati ndi manja anga aterera.

Makadi owonjezera ofotokozera. Lembani nambala: palibe, kapena limodzi. Ngati mwalola limodzi, ligwire ntchito pa khadi limene simukulimvetsa, osati limene simukulikonda. Kusiyana kwake n'kosavuta kukuzindikira. Ngati mungathe kunena tanthauzo la khadilo m'chiganizo chimodzi, ngakhale chiganizocho chikuwawa, ndiye kuti mwalimvetsa.

Pomaliza, tsiku limene mudzaloledwe kufunsanso nkhani yomweyi. Lembani deti lenileni, osangoti "pakapita nthawi".

Mukamaliza zimenezi, onjezerani mizere iwiri: "Ndikulakalaka atatuluka..." ndi "Ndikuopa kuti atuluka...". Tchulani makadi enieni ngati mukuwadziwa. Mizere iwiriyi imaoneka ngati yachibwana, koma imaulula kumene mtima wapendekera, ndiye pomasulira mumadziwa mbali imene muyenera kudzikayikira. Nthawi zina mukangoilemba mumapeza kuti yankho muli nalo kale, makadi osawagwira n'komwe.

Sakanizani mokwanira kuti musadzapeze chonamizira

Chifukwa chotchuka kwambiri chobwerezera ndi chakuti "sindinasakanize bwino". Chitsekeni pakhomo chisanalowe. Akatswiri a masamu awiri, Dave Bayer ndi Persi Diaconis, anaonetsa mu 1992 kuti paketi wamba ya makadi 52 imafuna kusakanizidwa pafupifupi kasanu ndi kawiri, mwa njira ija yogawa mulu pawiri n'kulowetsana makadi a mbali ziwirizo, kuti isakanizike bwino. Paketi ya taroti ndi yokulirapo, ndiye onjezeraniko kawiri kapena katatu. Njira yomangogwetsa timagulu ta makadi kuchoka m'dzanja lina kupita m'linzake imasakaniza pang'onopang'ono kwambiri, ndipo makadi amene munayala dzulo amatha kutsalira limodzi. Ngati makadi anu ndi aakulu moti sakukwana m'manja, amwazeni patebulo chafufumimba, muwavundule ndi manja onse awiri kwa mphindi imodzi yathunthu, kenako muwasonkhanitse.

Sankhiranitu poimira: maulendo khumi, kapena mphindi imodzi, kenako kudula kamodzi. Musamati musiya mukamva kuti zakwana, chifukwa kumva kumeneko kumasintha khadi likagwa.

Tsopano tengani makadi atatu apamwamba, muwaike chafufumimba pa malo awo. Musanatembenuze ngakhale limodzi, bwezerani makadi 75 otsalawo m'bokosi, mutseke, mukaliike poti kuti mulitenge mpaka muimirire. Ngati munalola khadi lofotokozera, lichotseniretu pano, likhale pambali chafufumimba. Kachinthu aka kokha kanandithandiza kuposa malangizo ena onse. Mulu ukakhala pafupi ndi dzanja, dzanja limapita lokha mutu usanavomereze.

Amene mumagwiritsa ntchito makadi a pafoni, dziwani kuti kumeneko vutoli ndi lalikulu, popeza kuyalanso ndi kungodina kamodzi, ndipo kayalidwe kakale kamafufutika osasiya chizindikiro. Jambulani zimene zatuluka, muzikopere m'kope, mutseke pulogalamuyo musanayambe kumasulira.

Nenani zimene mukuona musananene tanthauzo

Tembenuzani khadi loyamba, mulembe dzina lake m'kope nthawi yomweyo ndi inki. Kenako fotokozani chithunzicho ngati mukuuza munthu amene sakuchiona: muli anthu angati, akuyang'ana kuti, agwira chiyani, kumbuyo kwawo kuli chiyani. Makadi ambiri amene ali pamsika masiku ano amatsatira paketi imene inatuluka mu 1909, yojambulidwa ndi Pamela Colman Smith motsogozedwa ndi Arthur Edward Waite, ndipo ubwino wake ndi wakuti ngakhale makadi ang'onoang'ono ali ndi zithunzi za anthu akuchita zinthu. Kufotokoza kumachedwetsa mantha. Munthu akaona Makapu 5 amangoona wovala chakuda ataweramira makapu atatu otayika. Akafotokoza chithunzi chonse ndi pamene amazindikira kuti kumbuyo kwa munthuyo kuli makapu awiri ali chiimire, ndipo chapatali pali mlatho woolokera mtsinje.

Koma samalani, chifukwa kufewetsa khadi kulinso kubwereza kwa mtundu wina. Mwina munamvapo kuti Imfa sitanthauza kufa koma kusintha. N'zoona kuti owerenga ambiri amaimasulira motero, koma kusintha kwake ndi kwa chinthu chimene chatha ndipo sichibwerera. Mukaimasulira kuti "zinthu zisintha n'kukhala bwino", mwachotsa khadi limene linagwa n'kuikapo lanu. Njira yodziyesera ndi iyi: mlongo wanu kapena mnzanu wapamtima akanabwera ndi funso lomweli, makadi omwewa n'kugwa, mukanamuuza chiyani? Lembani zimenezo, mochita kumutchula kuti "iwe". Mawu ake amatuluka oona kuposa amene mungadziuze nokha, komanso achifundo kuposa amene mumadziuza mukakhala ndi mantha.

Ngati mufuna kuona tanthauzo m'buku, tsegulani buku limodzi. Kuyendayenda m'mabuku asanu kufuna limene lanena zabwino za Malupanga 10 n'chimodzimodzi kusolola kasanu.

Mmene zinayendera ulendo wina

Mnzanga wina anandipempha kuti tiphatikize ndalama tiyambe bizinesi. Ndalama zimene ndikanaika zinali pafupifupi zonse zimene ndinasunga. Funso limene linabwera loyamba m'mutu linali lakuti, "Kodi bizinesiyi itiyendera?" Ndinalilemba, n'kulikhwatcha, n'kulemba ili: "Ndi chiyani chimene sindikuchiyang'ana bwino pa nkhani yoika ndalama zanga mu bizinesi imeneyi, ndisanapereke yankho kumapeto kwa mwezi uno?"

Malo atatu ndinawatcha motere: pamene ndaima pano, chimene ndikuchizemba, chimene ndingachite sabata ino. Ozondoka osawerenga, wodumpha kubweza, khadi lofotokozera palibe, kufunsanso pakatha masiku 30. Pa mzere wa zolakalaka ndinalemba Ndalama 10. Pa mzere wa zoopa ndinalemba Nsanja.

Loyamba linatuluka Malupanga 2: mkazi wakhala pansi, maso omangidwa ndi nsalu, wapingasa malupanga awiri pachifuwa, nyanja ili kumbuyo kwake. Apa panalibe chovuta. Ndinali nditatha masabata awiri osanena inde kapena ayi, ndikumayankha mauthenga a mnzangayo ndi nthabwala.

Lachiwiri linali Malupanga 7. Munthu akunyang'ama kuchoka pa misasa atanyamula malupanga asanu, awiri wawasiya ali chizikike pansi, akucheukira kumbuyo. Mtima unangoti phaa. Khadi limeneli ambiri amalimasulira kuti chinyengo kapena kuchita zinthu mobisa, ndiye maganizo anathamangira kwa mnzanga uja: kodi akufuna kundidyera? Nthawi yomweyo ndinaona dzanja langa likufufuza pamene mulu umakhala. Ndinkafuna khadi limodzi lokha loti lindiuze ngati wakubayo ndi iyeyo. Bokosi linali pashelefu kuseri kwa chitseko, ndipo m'kope munali mawu anga omwe akuti "lofotokozera palibe". Ndinakhala pansi.

Ndinabwerera ku dzina la malowo. Sindinalembe kuti "zimene mnzanga akubisa". Ndinalemba kuti "chimene ndikuchizemba". Ndiye wonyang'amayo akhoza kukhala ine. Nditafunsa motero, yankho silinachedwe: sindinamuuze mnzangayo kuti gawo lina la ndalamazo ndidzalifuna pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Ndinkafuna kulowa mu bizinesi mwendo umodzi uli panja, iye osadziwa. Panalinso china chimene ndinkachizemba kumbali yake: sindinamufunse kuti iyeyo aika zingati, poopa kuoneka ngati sindikumukhulupirira. Zonse ziwirizi ndinazilemba. Onani kuti khadilo silinandiuze kuti mnzangayo ndi wokhulupirika kapena ayi, ndipo silikanatha kutero. Linangondikankhira ku mafunso awiri amene ndinali nditawakwirira.

Lachitatu linali Ndalama 3: mmisiri waima pa benchi m'nyumba yopemphereramo, anthu awiri ali pambali pake, mmodzi wagwira pepala la pulani. Pa malo a "chimene ndingachite sabata ino", ndinalimasulira mosazungulira: tikhale pansi, zonse zilembedwe papepala, pakhale munthu wachitatu wodziwa za mapangano. Pansi pa tsambalo ndinalemba chochita chimodzi ndi tsiku lake: kumuimbira Lachinayi, kumuuza za miyezi isanu ndi umodzi ija, ndi kumufunsa za gawo lake.

Ndikanasolola lachinayi, n'kutuluka Dzuwa, ndikanapereka ndalama osafunsa kanthu. Kukanatuluka Mdyerekezi, ndikanathetsa ubwenzi wa zaka zambiri chifukwa cha kapepala kojambulidwa. Njira zonse ziwiri zikanandichotsera ntchito yoimba foni ija, ndipo n'chimene dzanja langa linkafuna.

Kubwereza kumabwera kutavala zovala zina

Palibe amene amadziuza kuti "ndibwereza mpaka ndisangalale". Chimabwera ndi ulemu wake. Chimati funso silinamveke bwino, tiyeni tilikonze: "Kodi adzabwerera?" amasanduka "Kodi tsogolo lathu ndi lotani?", kenako "Kodi ndimuyembekezere?" Mawu ndi atatu, funso ndi limodzi. Chimati paketi iyi siikugwirizana nane lero, nditenge ina. Chimati ndingosuzumira khadi lapansi pa mulu, kapena limene likanatsatira. Chimati ndimupemphe mnzanga andiyalire, osamuuza kuti ndayala kale. Muyeso wake ndi umodzi: kukanatuluka makadi okoma, kodi ndikanaona vuto limeneli? Usiku wa maulendo asanu ndi awiri uja, Dzuwa litatuluka sindinakayikire n'komwe kasakanizidwe kanga, chonsecho ndinasakaniza mofanana ndi maulendo ena onse.

Chilakolako chosololanso chikakugwirani, musalimbane nacho muli pampando womwewo. Lembani m'kope khadi limene mukufuna kuti lituluke ndi chimene likanakulolani kuchita kapena kusachita. Kenako imirirani, mukamwe madzi, mutsuke mbale, muyende panja mphindi 15. Makadi atatu aja asiyeni patebulo mmene alili mpaka mawa. Khadi limene usiku limaoneka ngati chigamulo, m'mawa limakhala chithunzi choti mukhoza kuchiyang'ana bwinobwino, ndipo kawirikawiri mumaonamo chinthu chimene dzulo munachidumpha.

Nanga mukagonja, n'kusololanso? Zimachitika. Musang'ambe tsamba. Lembani kayalidwe kachiwiriko pansi pa koyamba, mulembe nambala 2 pambali, ndi chifukwa chimene munadzipatsa. Choyamba chija ndicho chiwerengedwe. Pakatha miyezi ingapo mukamawerenga kopelo mudzaona kuti si nkhani zonse zimene mumabwereza. Ine ndinapeza kuti za ntchito ndi ndalama ndimatha kuyala kamodzi n'kutseka, koma manambala 2 ndi 3 onse anali pa masamba a munthu mmodzi.

Muzikayikiranso yankho lokoma limene labwera ulendo woyamba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Khadi lokoma timalilandira msanga osalifotokoza n'komwe, pamene loipa timalizunguza mbali zonse. Lipatseni nthawi yofanana: Makapu 9, munthu wakhala mokhutira manja atapinda, makapu asanu ndi anayi atandandalika kumbuyo kwake, likagwa pa malo a "chimene ndikuchizemba" silikukuyamikirani ayi.

Nthawi yoyenera kufunsanso

Pali zifukwa ziwiri zomveka. Choyamba, deti limene munalemba lakwana. Pa nkhani yoyenda msanga, monga kudikira zotsatira za mayeso a ntchito, sabata imodzi kapena awiri ndi yokwanira. Pa nkhani za ubale kapena kusamuka, mwezi wathunthu. Chachiwiri, pachitika chinthu chenicheni chimene munthu wina akhoza kuchiona: mwakambirana, kalata yabwera, mwapatsidwa mwayi wina. Kusintha kwa mmene mukumvera sikuwerengedwa, chifukwa kumeneko kumasintha katatu pa tsiku. Ndipo musanayalenso, werengani tsamba lakale, muone ngati chochita chimene munalemba pansi pake munachichita. Ngati simunachite, palibe chatsopano choti mufunse.

Kulakwitsa kwenikweni kumachitikanso: mwapeza kuti makadi ena anatsalira m'bokosi, kapena khadi la malangizo a kampani linasakanikirana ndi enawo. Mukazindikira musanatembenuze, konzani n'kuyambiranso. Mukazindikira mutatembenuza kale, lembani zimene zinachitikazo, ndipo ngati mukuonabe kuti m'pofunika kuyalanso, muchite mawa lake, osati usiku womwewo.

Pali nkhani zina zimene siziyenera kufika patebulo n'komwe. Chotupa chimene mwachipeza m'thupi, kukayikira ngati muli ndi pakati, mlandu wa kukhoti, kapena funso lakuti muchoke kapena ayi kwa munthu amene amakumenyani: izi zili ndi anthu ake oziyankha, ndipo khadi lokoma pa nkhani zotere likhoza kukuchedwetsani pamene nthawi ili yochepa. Komanso mukaona kuti simungatumize uthenga kapena kutuluka m'nyumba musanasolole khadi, kuti mukuyala kangapo pa tsiku nkhawa n'kumangokula, kapena mwayamba kubisira anthu kuchuluka kwa maulendo amene mumayala, ndiye kuti zafanana ndi juga: yankho lokoma limabwera mwa apo ndi apo, mpumulo wake sukhalitsa, ndipo kusadziwika kwa nthawi imene libwere n'kumene kumakubwezani patebulo. Patsani munthu wina paketiyo akusungireni mwezi umodzi. Ngati nkhawayo siikutsika, kaonaneni ndi mlangizi wa za maganizo kapena dokotala, ndipo mumuuze za makadiwo mosabisa, ndi nambala ya maulendo yomwe.

Za bizinesi ija, ndinaimba Lachinayi monga ndinalembera. Mnzangayo anakhala chete pang'ono nditatchula miyezi isanu ndi umodzi, kenako anati naye anali ndi ngongole imene sanandiuze. Tinagwirizana zoyamba ndi theka la ndalama zimene tinkaganiza poyamba, ndipo tinalemberana pangano pamaso pa munthu wachitatu. Masiku 30 atakwana ndinatsegula kope pa tsamba lija, ndinawerenga, koma makadi sindinawatulutse m'bokosi.